Kasokedwe ka msoko wa Chifalansa pa nsalu yopyapyala

Tengani bulauzi ya shifoni, muikweze pawindo dzuwa likuwala. Chilichonse chimene telala anachita mkati mwake chimaonekera: pamene lumo linakhota, pamene ulusi unayoyoka, pamene anabwereza kusoka. Ngati m'mphepete anadutsitsamo ovaloko, mudzaona chimzere chakuda bii chitatsika m'nthiti ngati bongololo. Nsalu yokhuthala imabisa zonsezi, koma shifoni, oganza, voilo ndi jojeti sizisunga chinsinsi. N'chifukwa chake pa nsalu zoterezi timasoka msoko wa Chifalansa, umene umatsekera mphepete zodulidwa m'kati mwa msoko womwewo, moti kaya muyang'ane kunja kaya mutembenuze, mumangoona kamzere kamodzi kakang'ono, kosalala. Chodabwitsa n'chakuti ku Falansa komweko amautcha msoko wa Chingelezi.

Msokowu umasokedwa kawiri. Koyamba mumasoka nsalu zitagundana kumsana, ngati mwalakwitsa, mphepete zili kunja kwa chovala. Kenako mumadula mphepetezo, n'kusita, n'kutembenuza kuti nsalu zigundane kumaso, n'kusokanso. Mzere wachiwiriwo ndi umene umameza mphepete zija. Ndikamati kumaso ndikunena mbali imene anthu adzaone chovala chikavalidwa, ndipo kumsana ndi mbali imene idzakhudze thupi.

Mizere iwiriyo aliyense wodziwa kupalasa makina akhoza kuisoka. Pamene msoko umakomera kapena kuipira ndi pakati pa mizereyo, pa lumo ndi pa simbi. Tifikapo, koma tiyambe ndi masamu.

Kugawa mamilimita 15

Tiyerekeze kuti tikusoka bulauzi ya shifoni ya poliyesita, yomasuka, yovala podutsitsa kumutu, yopanda zipi. Ili ndi chakutsogolo, chakumbuyo ndi mikono iwiri. Patani yathu yasiya mamilimita 15 a msoko m'mphepete monse, monga mmene mapatani ambiri ogula amachitira. Ena amalemba 5/8 ya inchi, imene ili pafupifupi mamilimita 16, ndipo kusiyana kwakeko sikutivutitsa.

Mamilimita 15 amenewa ndi amene tiyenera kugawira mizere iwiri. Pa nsalu yoonekera ine ndimagawa chonchi: mzere woyamba mamilimita 10 kuchokera m'mphepete, mzere wachiwiri mamilimita 5 kuchokera pa mpindo. Mukaphatikiza, mzere wachiwiri umagwera ndendende pamene patani inafuna kuti msoko ukhale. Alipo amene amagawa mosemphanitsa, woyamba 5 wachiwiri 10, poti kumeneko n'kosavuta ndipo sipakhala zodula zambiri. Pa pilo kapena pa chikwama palibe vuto. Koma pa shifoni msoko wa mamilimita 10 umaoneka ngati lamba, ndipo umalemera kuposa nsalu imene wagwirizira. Ukachepa ndi pamene umakongola.

Cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuiwala kuti mizere yonse iwiri imadya nsalu. Munthu amasoka woyamba pa 10, wachiwiri pa 10, ndiye kuti wadya 20 m'malo mwa 15. Mamilimita 5 owonjezerawo achoka ku chakutsogolo, ena 5 ku chakumbuyo, kutanthauza sentimita yathunthu pa msoko umodzi. Misoko ya m'nthiti ilipo iwiri, choncho bulauzi yachepa ndi masentimita 2 pachifuwa. Ikanakhala diresi ya misoko 6, ikanachepa ndi masentimita 6, ndipo mwini wake sakanalowamo.

Ngati patani yanu yasiya mamilimita 10 okha, gawani 5 ndi 5. Ngati mukudula nokha popanda patani yogula, siyani 15 kuti mukhale ndi pogwira.

Chenjezo limodzi lisanatipite. Msoko wa Chifalansa subwereka. Mukadula mphepete, nsalu yofutukulira chovala yatha. Choncho ngati simunatsimikize za muyeso, yambani mwalumikiza bulauzi ndi dzanja, masitichi ataliatali pa mzere wa mamilimita 15, munthu ayese, mukonze zokonza, mumasule, kenako muyambe msoko weniweni.

Singano, ulusi ndi makina

Singano imene imakhala m'makina masiku onse, ya 90/14, ndi yonenepa kwambiri pa shifoni. Imakankhira nsalu m'bowo la pansi m'malo moibaya, ndipo imasiya mabowo ooneka. Ikani ya 70/10, kapena 60/8 ngati nsalu ili yopyapyala kwambiri. Nambala yoyambayo ikunena kunenepa kwa singano: 70 ndi mamilimita 0.7, 60 ndi 0.6. Ikhale yatsopano ndiponso yansonga yakuthwa, osati yobulungira ya nsalu zotamuka. Singano yobuntha mudzaidziwa ndi kaphokoso ka "thu thu thu" pobaya, komanso ndi timizere tokokeka tochoka pa msoko kupita m'kati mwa nsalu. Timizere timeneto sitichoka ngakhale musite bwanji.

Ulusi ukhale wopyapyala, womwewo pamwamba ndi mu bobini. Posankha mtundu musayerekeze ndi nsalu imodzi yoyala, chifukwa pa msoko nsalu zidzasanjikizana zinayi ndipo mtundu udzaderako. Pindani kansalu kanayi, muikepo kaulusi kamodzi, muone ngati kakusowa.

Kutalika kwa sitichi kukhale pakati pa mamilimita 1.5 ndi 2. Pa makina akale amene manambala ake amawerenga masitichi pa inchi, ikani pakati pa 12 ndi 15. Ngati makina anu ali ndi kachitsulo ka pansi pa singano ka bowo laling'ono lozungulira, ikani kameneko m'malo mwa ka bowo lotambalala la zigizagi. Apa makina akale osoka mzere wowongoka wokha amapambana amakono, poti bowo lawo ndi laling'ono kale ndipo nsalu ilibe polowera.

Musakhulupirire maso poyeza mamilimita 10 ndi 5. Tsitsani singano, muyeze ndi rula kuchokera pa singano kupita kumanja, mumate katepi ka pepala pa 10. Kenako yezani mtunda wochokera pa singano kufika m'mphepete mwa kaphazi kopanikizira nsalu. Pa makina ambiri umakhala mamilimita 6 kapena 7, osati 5, ndiye muyenera kudziwa kuti mpindo uziyenda pati pansi pa kaphaziko.

Zonsezi muziyese pa zidutswa ziwiri zotsala podula, zotalika ngati chikhatho ndi theka, zodulidwa motsata ulusi wa nsalu ngati mmene msoko weniweni udzakhalire. Sokani msoko wonse mpaka kumapeto. Ukakwinyika, masulani pang'ono ulusi wapamwamba, muyesenso.

Kudula ndi kuika zizindikiro

Shifoni imayenda yokha patebulo. Yalani pepala lopyapyala pansi, muike nsalu pamwamba pake yosapinda, mphepete yake itatsata mphepete ya pepala, mubaye mapini opyapyala m'malo amene adzalowe m'msoko, mudule nsalu ndi pepala pamodzi. Lumo likhale lakuthwa mpaka kunsonga.

Mukangodula, musanachotse chidutswa chilichonse patebulo, matani katepi kakang'ono ka pepala kumsana kwake. Shifoni yamtundu umodzi imafanana mbali zonse, ndipo pa msoko umenewu mudzatembenuza nsalu kangapo mpaka mutu kuzungulira. Ndinasokapo bulauzi imene msoko wa kumanzere unathera mkati bwinobwino, wa kumanja n'kuthera kunja, chifukwa pa wachiwiriwo manja anangochita zimene anazolowera, kugundanitsa nsalu kumaso. Ndinazindikira nditadula kale mphepete. Katepiko mudzakachotse simbi isanafikepo, chifukwa guluu wake akatentha amatsalira pa nsalu.

Timano timene timadulidwa m'mphepete kusonyeza pokumana zidutswa tidzapita ndi lumo mukamadula mphepete. Malo ofunika, monga pamwamba pa mkono pokumana ndi phewa, asonyezeni ndi kaulusi kamtundu wina kosokerera ndi dzanja, mkati pang'ono mwa mzere wa mamilimita 15.

Mzere woyamba

Tiyambe ndi msoko wa paphewa, poti ndi waufupi komanso wowongoka. Gundanitsani chakutsogolo ndi chakumbuyo kumsana, ndiye kuti matepi aja ayang'anizana mkati ndipo inu mukuona kumaso kwa nsalu. Imani kaye muonetsetse. Bayani mapini mopingasa msoko, motalikirana ngati zala zitatu.

Musayambire pa nsonga penipeni pa nsalu, makina adzaimeza. Ikani kapepala kopyapyala pansi pa poyambira, kotulukira kumbuyo pang'ono, muyambe kusoka pa pepalapo n'kulowa pa nsalu. Gwirani michira iwiri ya ulusi kumbuyo mpaka masitichi angapo atadutsa. Musabwerere m'mbuyo pofuna kukhoma msoko, chifukwa pa shifoni kubwerera kumapanga mfundo ya makwinya. M'malo mwake fupikitsani sitichi kufika pa milimita imodzi pa sentimita yoyamba ndi yomaliza.

Sokani mphepete ikutsata katepi ka pa 10. Dzanja limodzi ligwire nsalu kutsogolo, lina kumbuyo, ikhale yokungika pang'ono koma osaikoka. Mano a makina ndi amene aziyendetsa nsalu. Chotsani pini iliyonse isanafike pa singano. Mukamaliza, ng'ambani kapepala kaja pang'onopang'ono motsata masitichi.

Pa misoko italiitali, monga ya m'mbali mwa siketi yotambalala, sokani kuchokera kotambalala kupita kopapatiza, ndipo misoko yonse iwiri ilowere njira imodzi. Mukasoka wina chotsika wina chokwera, chovala chimapotoka pathupi.

Lumo

Musanadule, sitani msokowo uli chogona momwe wachokera pa makina, kuti ulusi ukhazikike m'nsalu. Shifoni ya poliyesita imafuna simbi ya moto wochepa, pa kadontho kamodzi, pafupifupi madigiri 110. Yalani kansalu kopyapyala ka thonje pamwamba. Poliyesita ikapsa siyamba ndi kuda, imayamba ndi kunyezimira ndi kuuma, kenako kukhwinyata, ndipo palibe chobweza. Voilo ya thonje imapirira moto wokulirapo.

Tsopano dulani mphepete zonse ziwiri pamodzi, musiye mamilimita 3 okha kuchokera pa masitichi. Lamulo lake ndi ili: chotsalacho chikhale chochepa kuposa mzere wachiwiri. Mzere wachiwiri ukupanga kathumba ka mamilimita 5, ndipo mphepete ya mamilimita 3 ikwanamo n'kutsala mpata wa 2. Mukasiya 5 kapena 6 chifukwa cha mantha, singano idzadutsa pa mphepeteyo ndipo nsonga zake zidzatulukira kumaso kwa chovala.

Koma musapyolenso muyeso. Pa nsalu yolukidwa motayana ngati shifoni, mukasiya milimita imodzi yokha, ulusi wa nsalu umapulumuka m'masitichi, ndipo pakapita kuchapa kungapo mpindo wa msoko umatseguka mkati. Mamilimita 3 ndi abwino. Pa oganza, imene ili yolimbirapo, mukhoza kufika pa 2.

Dulani ndi pakati pa lumo, mikwingwirima italiitali, nsalu itagona patebulo, osati ili lendelende m'manja. Mukamaliza yendetsani chala m'mphepetemo, ndipo kaulusi kalikonse kotalika kamene katuluke mukadule. Chinanso chimene anthu sachilabadira: mukadula, malizani msokowo nthawi yomweyo. Musadule misoko yonse ya bulauzi n'kuiunjika kuti mudzasoke mawa. Shifoni imayoyoka pongoigwira, ndipo mphepete imene munadula mosalala lero, mawa idzakhala ndi ndevu. Msoko umodzi uzitha musanayambe wina.

Simbi

Kusita kwa apa kuli pawiri, ndipo ambiri amalumpha koyamba.

Koyamba, tambasulani zidutswa ziwirizo patebulo lositira, kumaso kuli m'mwamba, kamphepete kodulidwa kaja kataimirira pakati. Kagonetseni konse mbali imodzi ndi nsonga ya simbi, uku mukukoka pang'ono nsalu mbali zonse ziwiri kuti msoko utseguke mpaka pa ulusi. Tembenuzani musitenso kumsana. Cholinga chake n'chakuti pasatsale kakhwawa ka nsalu kobisala m'mbali mwa masitichi. Simbi muziitsitsa ndi kuinyamula, osaikhwekhwereza, chifukwa kukhwekhwereza kumatamula msoko.

Kachiwiri, pindani kuti nsalu zigundane kumaso, mphepete itsekeredwe mkati. Apa ndi pamene pali ntchito. Mzere woyamba wa masitichi uyenera kukhala pa nsonga penipeni pa mpindo, osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo. Nyowetsani pang'ono chala chachikulu ndi chamkombaphala, mufikise mpindowo ngati mukupota chingwe, mpaka muone timasitichi tatulukira pamwamba. Sitani pamenepo, musunthe, mufikisenso. Pitani pang'onopang'ono, utali wa chala nthawi imodzi.

Mukalephera apa, zotsatira zake zimaoneka pawiri. Ngati msoko wabisala mkati mwa mpindo ndi mamilimita 2, ndiye kuti mphepete yodulidwa ija yasunthira mkati ndi mamilimita 2 omwewo, mpata uja watha, ndipo mzere wachiwiri udzaiponda ngakhale munadula bwino. Komanso mwadya nsalu yoposa 15. Ngati msoko wapendekera mbali imodzi, chidutswa china chadyedwa kwambiri kuposa chinzake, ndipo msoko umapotoka m'malo mogona.

Poliyesita ndi yamakani, sisunga mpindo ngati thonje. Mukasita, dindani ndi chikhatho pa kansalu kaja mpaka pazizire musananyamule. Ikakanabe, gwirizirani mpindowo ndi dzanja, masitichi ataliatali pa mamilimita 7 kapena 8 kuchokera pa mpindo, kunja kwa njira ya makina, kuti mudzawasolole mosavuta. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo pa jojeti ndi shifoni ya silika ine sindilumpha zimenezi.

Mzere wachiwiri

Ubwino wa nsalu yoonekera ndi wakuti mphepete yotsekeredwayo mukuiona ngati kamthunzi m'kati mwa mpindo. Musanasoke, kwezani msokowo powala muone ngati kamthunziko kali kofanana kuyambira uku mpaka uko. Pamene katambalala, tsegulani mudulenso. Ndi bwino kutaya mphindi imodzi pano kusiyana ndi kumasula masitichi aang'ono pa shifoni.

Sokani pa mamilimita 5 kuchokera pa mpindo, singano ikuyenda kunja kwa kamthunzi kaja osakakhudza. Yambani ndi kutsiriza monga poyamba, ndi kapepala ndi masitichi afupiafupi. Lowerani njira yomwe munalowera pa mzere woyamba.

Sitani chogona, kenako tambasulani chovala, mugonetse msoko mbali imodzi. Wa paphewa ndi wa m'nthiti mwachizolowezi umagonera kumbuyo. Sitirani kumsana, mopepuka, kuti mphepete ya msoko isadinde mzere wonyezimira kumaso.

Tembenuzani muyang'ane kumaso. Mukoke nsalu pang'ono mbali zonse ziwiri. Muyenera kuona mzere woyera wopanda kanthu kotuluka.

Zikalakwika

Tiulusi tikatulukira kumaso ngati ndevu, onani kuchuluka kwake. Ngati ndi tiwiri titatu, tikokeni pang'ono ndi kachitsulo kozulira nsidze n'kudula pafupi ndi msoko ndi nsonga ya lumo laling'ono. Musatizule mwamphamvu, chifukwa kaulusi kamodzi ka shifoni kakhoza kukokeka kuchokera kutali n'kusiya mzere m'nsalu. Ngati ndevu zatuluka pamtunda wautali, pali njira ziwiri. Chovala chikakhala chomasuka, sokani mzere wina milimita imodzi kapena awiri kuchokera pa wachiwiriwo kulowera m'chovala, ndevu zidzamezedwa, koma muchite chimodzimodzi mbali inayo kuti chovala chisapendeke. Chikakhala chothina kale, masulani mzere wachiwiri pamalopo, mudule bwino, musite, musokenso.

Msoko wokwinyika ngati wokoka dala umachokera ku ulusi wokungika kwambiri kapena singano yonenepa. Msoko wochita mafunde, wotalika kuposa nsalu yoyandikana nayo, ndiye kuti munaukoka posoka kapena posita, ndipo zimachitika kwambiri pamene nsalu yadulidwa mopendeketsa, osatsata ulusi wake. Mankhwala ake ndi kusoka msoko wonse pa pepala lopyapyala. Ngati chidutswa chapamwamba chikutsala chotalika kumapeto, kaphazi kakupanikiza kwambiri n'kumakankhira nsalu yapamwamba kutsogolo pamene mano akukoka yapansi. Chepetsani kupanikizako ngati makina anu amalola, kapena gwirizirani ndi dzanja musanasoke.

Mikono ndi pakhwapa

Tibwerere ku bulauzi yathu. Mapewa atha, khosi mwalimaliza. Pa bulauzi yomasuka, imene mutu wa mkono wake si wautali kwambiri, njira yosavuta ndi kulumikiza mkono chovala chili chotambasula, m'nthiti musanasoke.

Anthu amati msoko wa Chifalansa sugwira pokhota. Zoona zake n'zakuti umagwira pokhota pang'ono, ngati uli waung'ono. Vuto lake nali. Mutu wa mkono ndi wokhotera kunja, pamene malo ake pa bulauzi ndi okhotera mkati. Ziwirizi zinayezedwa kuti zikumane pa mzere wa mamilimita 15. Mukasunthira kumphepete, mzere wa pa mkono umatalika, wa pa bulauzi umafupika. Mzere wathu woyamba uli kumphepeteko, ndiye mkono umaoneka ngati wakula kuposa malo ake. Mzere woyamba ukayandikira wachiwiri, kusiyanaku kumachepa. Choncho pa mkono ndimagawa 11 ndi 4, n'kudula kusiya mamilimita 2 kapena pang'ono kuposa apo.

Kuti mkono ulowe, sokani mzere wa masitichi ataliatali pa mutu wa mkono wokha, mamilimita 8 kuchokera m'mphepete, mukoke ulusi wa mu bobini pang'ono mpaka mutuwo ubulungire popanda kupanga mapindo. Gundanitsani kumsana, kaulusi kachizindikiro kaja kakumane ndi msoko wa paphewa, mubaye mapini pafupipafupi pa njira ya singano, osalimbana ndi kufananitsa mphepete. Sokani mkono uli pamwamba kuti muziona ngati kapindo kakufuna kulowa pansi pa singano. Masitichi okokera aja adzapita ndi lumo. Posita, pindani thaulo molimba mulowetse pansi kuti msoko usitidwe uli chokhota, ndipo mzere wachiwiri muugwirizire ndi dzanja kaye.

Mikono yonse ikalowa, msoko wa m'nthiti ndi wa pansi pa mkono umasokedwa ulendo umodzi, kuchokera kumpendero wa bulauzi, kudutsa pakhwapa, mpaka kumapeto kwa mkono. Pakhwapa ndi pamene misoko imakumana, ndipo nsalu zimachuluka: msoko uliwonse wogonetsedwa ndi nsalu zisanu, iwiri ikasanjikizana ndi 10, ndipo pa mzere wachiwiri zimaposa pamenepo. Gonetsani mapeto a kutsogolo a msoko wolumikiza mkono kulowera ku mkono, a kumbuyo kulowera ku bulauzi, kuti asakwerane koma agundane ngati mano. Bayani pini imodzi pamphambano penipeni ndipo muichotse singano itafika pafupi. Podutsa pamenepo zungulitsani gudumu la makina ndi dzanja. Mukadula mphepete, pamphambanopo chepetsani pang'ono kuposa kwina, chifukwa nsalu zambiri zimafuna malo ambiri popindika.

Mpendero wa pansi muusiye kaye. Pachikani bulauzi usiku umodzi kuti nsalu itsike mmene ifunira, mawa mufananitse m'munsi n'kupinda.

Pamene msoko uyenera kutseguka

Tinene kuti mukufuna bulauzi ikhale yong'ambika m'mbali masentimita 10 kuchokera pansi. Msoko wa Chifalansa sutseguka pakati ngati msoko wamba, ndiye pamafunika kadulidwe kena. Ikani chizindikiro pamene mng'aluwo uthere. Pamenepo dulani mopingasa, kuchokera m'mphepete kulowa mkati mamilimita 10, pa zidutswa zonse ziwiri. Kumtunda kwa podulapo sokani mzere woyamba ndi kudula mphepete monga mwa nthawi zonse, koma kumunsi musakhudze, mphepete zikhale zathunthu. Mukatembenuza, mzere wachiwiri uthere pa chizindikiro, ndipo apa pokha mangani michira ya ulusi ndi dzanja. Onjezerani kadulidwe kaja pang'ono mpaka katsale pang'ono kufika pa mzere wachiwiri, kuti mphepete za kumunsi zimasuke. Iliyonse ipindeni kawiri kulowera kumsana n'kuisoka. Pamwamba pa mng'alu ndi pofooka, choncho pakhomeni ndi timasitichi tingapo ta dzanja topingasa. Umu ndi mmenenso mumachitira msoko umene uli ndi zipi kumtunda kwake, kungotembenuza mbali.

Pali malo amene msokowu sukwanira ngakhale muyesetse: ngodya yakuthwa, pokhota kwambiri monga msoko wodutsa pa bere wa chovala chothina, mutu wa mkono wamapindo ambiri, kapena pamene shifoni yakumana ndi nsalu yokhuthala. Pamenepo sokani msoko wamba, nsalu zitagundana kumaso, pa mamilimita 15. Dulani mphepete zitsale 10. Pindani iliyonse mamilimita 4 kapena 5 kulowera mkati, kuyang'anizana ndi inzake, musite, kenako musoke mipindo iwiriyo pamodzi pafupi ndi nsonga, ndi makina kapena ndi dzanja. Kunja umaoneka ngati wa Chifalansa, mkati mphepete zatsekeredwa chimodzimodzi, ndipo popeza mzere weniweni umasokedwa poyamba, munthu akhoza kuyesa chovala lumo lisanadye nsalu. Pokhota kwambiri tsinani mphepete ndi nsonga ya lumo mamilimita 2 kapena 3 m'malo angapo musanazipinde, kuti zilole kugona.